Imelo yoyamba m'Chifalansa kwa kampani yomwe siikudziwani

Funso

Ndimayang'anira malonda pa kampani yathu yaing'ono ku Mangochi. Timagula malambe kwa magulu a amayi n'kupera ufa, ndipo tili ndi setifiketi yovomerezeka ku Ulaya yoti ufa wathu ndi wachilengedwe. Pa chaka timatha kupanga matani 20. Ndapeza kampani ina ku Lyon, m'dziko la France, yomwe imagulitsa ufa wa malambe wochokera ku Senegal, ndipo ndikufuna kuilembera imelo m'Chifalansa kuti tizichita nayo malonda. Chifalansa ndinaphunzira ku sekondale koma chinachita dzimbiri, komanso iwowo sakutidziwa n'komwe. Ndilembe bwanji kuti andiyankhe?

Yankho

Mayi, Chifalansa chiyambe chadikira. Tengani pepala mulembe m'Chichewa chiganizo chimodzi chonena chimene kampani ya ku Lyon ipindule ikayamba kugula kwa inu. Chiganizocho chikakanika m'Chichewa, m'Chifalansa chikanika koposa, ndipo imelo yanu idzangokhala malonje ataliatali opanda nkhani.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amayamba ndi mbiri ya kampani yawo, chaka chomwe inakhazikitsidwa, masomphenya ake, kenako n'kunena kuti katundu wawo ndi wapamwamba ndipo mtengo ndi wabwino. Munthu wogulira kampani zipangizo amalandira maimelo otere mlungu uliwonse, onse akunena kuti katundu wawo ndi wapamwamba. Mawu ngati « haute qualité » ndi « prix compétitifs » maso ake amangowalumpha. Amaima akaona chinthu chokhudza vuto lake, cholembedwa m'njira yoti atha kuchitsimikizira yekha.

Nkhani yanu ili m'funso lanu lomwe. Kampaniyo ufa wa malambe ili nawo kale, ndiye simukuiuza zachilendo mukanena kuti malambe ndi abwino m'thupi. Chimene ilibe ndi gwero lachiwiri. Ku Senegal malambe amathyoledwa kumayambiriro kwa chaka, pomwe kuno kwathu amakhwima m'nyengo yachisanu. Wogula amene akudalira dera limodzi amayenera kugula katundu wa chaka chonse m'miyezi yochepa n'kumusunga, ndipo zokolola za kumeneko zikavuta alibe kolowera. Chiganizo chanu chikhoza kukhala chotere: "Tikhoza kukupatsani ufa wa zokolola zatsopano m'theka lachiwiri la chaka, kuwonjezera pa umene mumagula kale." Mfundoyi musaikokomeze. Ufa wa malambe umasungika nthawi yaitali, choncho wogula sangakhulupirire mukamuuza kuti popanda inu katundu amuthera. Mukumulonjeza ufa watsopano pa nthawi imene wake wayamba kukalamba, komanso pogwira pena tsiku limene wa ku Senegal wachedwa. Basi.

Taonani mawu akuti "kuwonjezera pa". M'Chifalansa ndi « en complément de », ndipo ndi mawu ofunika kwambiri mu imelo yonse. Amene amagulitsa ku kampaniyo panopa mwina akhala nayo zaka zambiri, amalankhula Chifalansa, ndipo ali pafupi ndi madoko a ku France kuposa inu. Mlendo akabwera n'kunena kuti awachotse amenewo agule kwa iye, wogula amangotseka imelo. Akanena kuti akufuna kukhala wachiwiri, palibe chimene wogula akutaya pomumvera.

Za amayi amene amatola malambe, ndikudziwa kuti mtima ukukuuzani kuti muyambe ndi zimenezo. Ine ndingati zidikire. Makampani ambiri a zakudya zachilengedwe amaikonda nkhaniyi ndipo adzaifunsa, koma amaifunsa atakhutira kaye kuti ufawo ndi wololedwa kulowa m'fakitale mwawo. Kupatula ngati pa webusaiti yawo akunena kwambiri za « commerce équitable », malonda achilungamo kwa alimi. Zikatero onjezani mzere umodzi wokhala ndi nambala yeniyeni ya otola malambe amene mumagwira nawo ntchito. Mawu akuti « équitable » musadzitchule nawo ngati mulibe setifiketi yake.

Mukulembera ndani

Imelo yabwino yopita kwa munthu wolakwika imafa ngati yoipa. Pa kampani yokulirapo mukufuna « responsable des achats », woyang'anira zogula, kapena « acheteur » ngati ndi bambo, « acheteuse » ngati ndi mayi. Pa kampani ya anthu khumi kapena makumi awiri, zogula amazigwira mwini wake. Dzina la kampani likatha ndi SARL, mkulu wake amatchedwa « gérant » kapena « gérante ». Likatha ndi SAS, ndi « président » kapena « présidente ».

Lamulo la ku France limafuna kuti webusaiti ya kampani ikhale ndi tsamba lotchedwa « Mentions légales », ndipo kawirikawiri limakhala m'munsimunsi mwa tsamba loyamba. M'menemo mupeza dzina lonse la kampani, keyala yake, nambala yake yolembetsera kuboma yotchedwa SIREN, ya manambala 9, ndi dzina la « directeur de la publication », amene pa kampani yaing'ono amakhala mkulu yemweyo. Nambalayo ilembeni pa annuaire-entreprises.data.gouv.fr, kaundula wa boma waulere, muone ngati kampaniyo ikugwirabe ntchito, inayamba liti ndipo ili ndi antchito angati. Ndi ntchito ya mphindi khumi, koma imakupulumutsani kutumiza sampulo ku kampani yomwe inatsekedwa kapena ya munthu mmodzi wogulitsa timapaketi pa intaneti, amene sangagule ngakhale thumba limodzi pa mwezi. Dzina la wogula lifufuzeni pa LinkedIn. Likasowa, lemberani ku adiresi ya contact@ ndipo pamwamba pa uthenga muike « À l'attention du service achats ».

Imeloyo

Nayi momwe ndingailembere, tikayerekeza kuti wogula ndi mayi. Kukula kwa thumba, oda yochepetsetsa ndi miyezi ndaika zongoyerekeza. Muikemo zanu zenizeni.

```
Objet : Poudre de baobab bio du Malawi, récolte de mai à août

Bonjour Madame,

J'ai vu sur votre site que votre poudre de baobab bio provient du Sénégal. Au Malawi, la récolte a lieu de mai à août : nous pouvons donc vous livrer des lots de nouvelle récolte au second semestre, en complément de votre approvisionnement actuel.

Je suis responsable commerciale de [société], à Mangochi. Nous produisons 20 tonnes par an de poudre certifiée bio selon le règlement (UE) 2018/848, en sacs de 25 kg, avec une analyse microbiologique par lot. Commande minimale : 500 kg.

Souhaiteriez-vous recevoir un échantillon de 500 g, à nos frais, accompagné de la fiche technique et du certificat ?

Si ces achats relèvent d'un autre service, je vous remercie de m'indiquer la personne à contacter.

Bien cordialement,
```

Mawu ake safika 150, ndipo yonse ikwana pa sikirini ya foni munthu atangotsitsa kamodzi. Tiyeni tiidutse.

Mutu wa imelo, « Objet », ukunena katundu, dziko ndi nyengo. Mitu ngati « Proposition de partenariat » kapena « Demande de collaboration » ipeweni. Ndi imene aliyense amalemba, kuphatikizapo akuba a pa intaneti, ndipo mawu akuti « partenariat » sauza wowerenga ngati mukufuna kumugulitsa, kumugula kapena kumupempha ndalama. Tinene zoona: imelo yochokera ku dziko la ku Africa lomwe wowerenga sakulidziwa bwino, yolonjeza ubale wopindulitsa mbali zonse, imamukumbutsa maimelo achinyengo. N'zosalungama, koma ndi mmene zilili, ndipo mankhwala ake ndi mutu wouma wonena chinthu chogwirika. Mawu ofunika akhale koyambirira chifukwa pa foni mutu umadulidwa.

Ndime yoyamba ikuyamba ndi iwo, osati inu. « J'ai vu sur votre site » ikuonetsa kuti imeloyi sinatumizidwe kwa anthu 200 nthawi imodzi. Koma chimene mwanena kuti mwaona chikhale choona. Tsegulani tsamba la ufawo tsiku lomwe mukutumiza muone ngati palembedwabe « Origine : Sénégal ». Akakhala kuti anasintha n'kuyamba kugula ku Burkina Faso kapena ku Zimbabwe, mzere wanu woyamba ukhala umboni woti simunafufuze, ndipo ngati ndi ku Zimbabwe mfundo ya nyengo yagwa yonse, poti iwo amakolola nthawi imodzi ndi ife. Zikatero mufunika chiganizo china.

Anthu ambiri amatsegula ndi « Je me permets de vous contacter », kutanthauza kuti mwadzipatsa chilolezo chowalembera. Ndi Chifalansa chabwino ndi chaulemu, palibe angakudzudzuleni. Ndachisiya chifukwa chimadya mzere woyamba, womwe umaoneka pansi pa mutu munthu asanatsegule imelo. Ngati mtima wanu sukulola kuyamba popanda kupepesa, chiikeni, koma chiganizocho chitsirize ndi chifukwa: « Je me permets de vous contacter au sujet de votre approvisionnement en poudre de baobab. »

Ndime yachiwiri ndi umboni, ndipo nambala iliyonse ikuyankha funso limene wogula angafunse. Matani 20 akumuuza ngati ndinu a msinkhu wake. Musawonjezere. Mukalemba 50 n'kulephera kupereka, mwataya kasitomala amene akanakhutira ndi matani 5. Nambala ya lamulo, 2018/848, ndi ya lamulo la Mgwirizano wa Mayiko a ku Ulaya la ulimi wachilengedwe, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Liwu lakuti « bio » kumeneko n'lotetezedwa ndi lamulo, ndipo silitanthauza chabe kuti mitengo inamera yokha m'tchire popanda feteleza. Limatanthauza kuti bungwe lovomerezeka, monga Ecocert, linayendera n'kupereka setifiketi, ndipo katundu aliyense wolowa amayenda ndi chikalata chake m'dongosolo la pa intaneti la ku Ulaya lotchedwa TRACES. Yang'anani setifiketi yanu muone lamulo lomwe yatchula ndi tsiku lomwe ithere mphamvu, kenako lembani zimene zili pamenepo, ndi dzina la bungwe lomwe linakupatsani. Amene alibe setifiketi alembe « issue de cueillette sauvage », yotoledwa m'tchire, osati « bio ».

Kuyeza ufa ku labotale kwatchulidwa chifukwa ndi nkhawa yaikulu ya wogula ufa wouma womwe anthu amathira mu zakumwa osauphika. Ngati mumayeza gulu lililonse la ufa, nenani. Ngati mumayeza kamodzi pa chaka, musalembe « par lot ». Zoti ufa wa malambe ndi wololedwa ku Ulaya simukufunika kuzinena: unavomerezedwa ngati chakudya chatsopano mu 2008, ndipo aliyense wougulitsa akudziwa. Zoti katundu wa ku Malawi amalowa popanda msonkho pansi pa dongosolo la « Tout sauf les armes » zisungeni mudzazinene pokamba za mtengo. Senegal nayo ili m'gulu la mayiko olandira mwayi womwewo, ndiye si chinthu chokusiyanitsani.

Ndime yachitatu ndi pempho, ndipo ndi limodzi. Ambiri amapempha msonkhano wa pa foni. Kwa inu sampulo ndi yabwino kuposa foni pa zifukwa ziwiri. Wogula chakudya sagamula kanthu asanaone mtundu wa ufa, kusalala kwake ndi kakomedwe kake, ndiye sampulo ndi sitepe imene iye mwini amaidziwa. Chachiwiri, Chifalansa chadzimbiri chimabisika polemba koma pa foni chimaonekera. Kuyankha pempho lanu kumangofuna kuti alembe "inde" ndi keyala. Pempho lakuti tikambirane mmene tingagwirire ntchito limodzi limamupatsa ntchito yoganiza, ndipo adzaliika pambali kuti adzaliyankhe mawa. Musanalonjeze « à nos frais », funsani mtengo wotumizira theka la kilogalamu ku France pa kampani yonyamula maphukusi mwachangu, kuti musalonjeze makampani khumi chinthu chimene mungakwanitse kwa atatu.

Mtengo wa ufa sindinauike dala. Mtengo wopanda malo operekera katundu ulibe tanthauzo, ndipo dziko lathu lilibe doko: ufa wonyamukira ku Blantyre, wokwezedwa pa sitima ku Beira kapena ku Nacala, ndi wofika ku Le Havre kapena ku Marseille ndi mitengo itatu yosiyana kwambiri. Wogula akaona nambala yopanda Incoterm, chidule chonena pamene udindo wanu pa katundu ukuthera, adzaifanizira ndi mtengo wa wa ku Dakar n'kukuchotsani musanafotokoze. Konzekerani tebulo la mitengo pambali kuti akafunsa muyankhe tsiku lomwelo.

Pansi pa « Bien cordialement » ikani dzina lanu lonse, udindo, dzina la kampani, keyala, foni yoyamba ndi +265, ndi webusaiti. Afalansa ambiri amalemba dzina la bambo m'zilembo zazikulu zonse, ndipo kwa ife chizolowezi chimenechi n'chothandiza, chifukwa wowerenga sangadziwe pa mayina athu awiri kuti loyamba ndi liti. Sangadziwenso ngati ndinu mayi kapena bambo. « Responsable commerciale », yokhala ndi e kumapeto, yamuuza kale kuti ayankhe « Madame ». Bambo akanalemba « responsable commercial ».

Ulemu wa Chifalansa, ndi pamene umakutcherani msampha

Pa nkhani ya « vous » ife Achewa sitivutika, ndi "inu" wathu yemweyu. « Tu » ndi "iwe", ndipo mlendo simumutero. Khalani pa « vous » mpaka iye mwini atapempha kusintha, ngakhale patapita chaka.

Moni ndi « Bonjour Madame, » kapena « Bonjour Monsieur, ». Kuwonjezera dzina la bambo kwafala m'maimelo a malonda ndipo palibe vuto, bola mulilembe molondola ndi timizere take. Dzina loyamba lokha ayi, zimenezo n'za Chingerezi cha ku America. « Cher Monsieur » ndi « Chère Madame » ndi za munthu amene mwadziwana naye kale. Ngati simukudziwa wowerenga, lembani « Madame, Monsieur, ». « Mademoiselle » musalembe kwa aliyense; boma la France linalichotsa pa mafomu ake mu 2012, ndipo pa ntchito mkazi aliyense ndi « Madame ». Chidule cha « Monsieur » ndi « M. », osati Mr, koma pa moni lembani liwu lonse.

Malonje athu, ofunsa za kunyumba ndi za thanzi, asiyeni. « J'espère que vous allez bien » kwa munthu amene simunamuonepo imamveka yongodzaza malo. Madalitso a Mulungu kumapeto kwa kalata, omwe kwathu ndi chizolowezi chabwino, m'kalata ya malonda ku France amadabwitsa. Ulemu wa kumeneko umakhala m'kapangidwe ka mneni. « Je veux » ndi mwano. « Je souhaiterais » ndi « Souhaiteriez-vous » ndi momwe munthu amapemphera mofatsa, ngati mmene ife timanenera "mungakonde" m'malo mwa "mukufuna". Samalani ndi s wa kumapeto: « je souhaiterais » ndi pempho laulemu, pomwe « je souhaiterai » ndi nthawi yam'tsogolo, "ndidzafuna". Afalansa enieni amalakwitsa pamenepa, koma amaonanso ena akalakwitsa.

Potseka, « Bien cordialement » kapena « Cordialement » n'zokwanira pa imelo. Chiganizo chachitali chimene munaphunzira ku sukulu, « Je vous prie d'agréer, Madame, l'expression de mes salutations distinguées », ndi cha kalata ya pa pepala, kapena polembera mkulu wa kampani yaikulu kapena ofesi ya boma. Mukachigwiritsa ntchito, dzina laulemu la pakati lifanane ndi la pa moni. Ndipo mukayamba ndi « Dans l'attente de votre réponse, » chotsatira chikhale « je vous prie », osati « veuillez », chifukwa amene akudikira yankho ndi inu, choncho mwininkhani wa chiganizo akhale inu. Mukadzalembera kampani ya ku Lubumbashi kapena ku Abidjan mudzapeza kuti kumeneko amasungabe mwambo wa kalata kuposa ku Lyon: « Monsieur le Directeur général » ndi kutseka kwakutali sizioneka zachilendo.

Msampha wina umabwera chifukwa ambiri timaganiza m'Chingerezi tikamalemba Chifalansa. Pali mawu ofanana maonekedwe koma osiyana tanthauzo, ndipo ena amasokoneza malonda enieni. « Éventuellement » ndi "mwina", osati "pamapeto pake". Mukalemba kuti « nous livrerons éventuellement » mwamuuza kuti mwina mudzapereka katundu, mwina ayi. « Actuellement » ndi "panopa". « Délai » si kuchedwa, ndi nthawi imene chinthu chimatenga, ndiye wogula akafunsa « vos délais de livraison » sakukunenezani, akufuna kudziwa milungu yochokera pa oda mpaka katundu kufika. Kuchedwa ndi « retard ». Podzidziwitsa mneni ndi « présenter », osati « introduire », womwe umatanthauza kulowetsa chinthu m'kati. Ndipo « je suis excitée » musalembe n'komwe, chifukwa imatha kumveka ngati chilakolako cha kuchipinda. Kusangalala kwa pa ntchito ndi « je serais ravie », bambo « ravi ».

Kalembedwe ka manambala nako n'kosiyana. Pamene ife timaika kadontho, iwo amaika chizindikiro cha koma, ndipo masauzande amalekanitsidwa ndi mpata: 1 500 kg, 8,50 €, chizindikiro cha yuro chili kumbuyo. Mukalemba 1,500 kg mmene tinazolowerera, Mfalansa awerenga kilogalamu imodzi ndi theka. Zizindikiro za : ; ? ndi ! zimakhala ndi mpata patsogolo pake, monga mwaonera mu imelo ija. Mayina a miyezi amayamba ndi chilembo chaching'ono, ndipo nthawi imalembedwa 14 h 30. Timizere ta pa zilembo si zokongoletsa: « a » ndi « à », « ou » ndi « où » ndi mawu osiyana. Onjezani kiyibodi ya Chifalansa pa foni kapena pa kompyuta, ndipo sinthani chowunikira masipelo chikhale cha Chifalansa. Mukamaliza mupatse mphunzitsi wa Chifalansa kapena wina wochidziwa bwino awerenge, osati kuti akongoletse, koma kuti agwire zolakwika.

Pali funso limene muyenera kudziyankha moona: akayankha m'Chifalansa chachitali, kapena akaimba foni, mukwanitsa? Ngati mukukayika, onjezani mzere uwu musanatseke: « Nous pouvons poursuivre en français ou en anglais, à votre convenance. » Ogula ambiri a katundu wakunja amadziwa Chingerezi, ndipo amayamikira kuti munayamba m'chinenero chawo. Choipa n'kutumiza imelo yosalala kwambiri kenako n'kusowa chonena pa foni.

Lamulo, ndi kuti imelo ifike

Ku France, bungwe la CNIL, loteteza zinsinsi za anthu, limalola kulembera munthu pa adiresi yake ya kuntchito asanavomereze, malinga nkhaniyo ikukhudza ntchito yake, mwadziwika bwino kuti ndinu ndani, ndipo mwamupatsa njira yosavuta yokanira. Kulembera wogula zipangizo za ufa wa malambe kukukwana. Pansi pa siginecha yanu ikani mzere uwu:

```
Si vous ne souhaitez plus recevoir de message de ma part, il vous suffit de me l'indiquer par retour de mail.
```

Akakana, m'chotseni pa mndandanda wanu tsiku lomwelo. Akafunsa kumene munapeza adiresi yake, muuzeni zoona. Lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu, RGPD, lomwe linayamba pa 25 Meyi 2018, limamupatsa ufulu wodziwa. Mindandanda ya maadiresi yogula kwa anthu a pa intaneti italikireni.

Tumizani kuchokera pa adiresi ya dzina la kampani yanu, osati ya Gmail kapena Yahoo, ndipo amene amakusamalirani webusaiti atsimikize kuti SPF ndi DKIM, zotsimikizira kuti imelo ikuchokeradi kwa inu, zakonzedwa, apo ayi imelo ikagwera m'bokosi la zinyalala. Pa imelo yoyamba musamatepo fayilo. Anthu amaphunzitsidwa kusatsegula mafayilo a alendo, ndipo kabuku ka zithunzi kolemera kamatha kukanidwa ndi seva. N'chifukwa chake pepala la tsatanetsatane wa ufa, « fiche technique », mwalonjeza kuti libwera ndi sampulo. Likhale lokonzeka kale, m'Chifalansa kapena m'Chingerezi, tsamba limodzi kapena awiri.

Nthawi yotumiza imasintha zambiri. Mwezi wa Ogasiti makampani ambiri a ku France amakhala pa tchuthi, ena kutseka kumene kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo imelo yanu ikakwiriridwa ndi mazana ena. Chimodzimodzi pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Meyi ali ndi maholide angapo, pa 1, pa 8, ndipo nthawi zambiri Lachinayi la Kukwera Kumwamba, ndipo anthu amawalumikiza ndi Loweruka ndi Lamlungu. Kwa inu nthawi yabwino ndi Malichi kapena Epulo, zokolola zisanayambe, kapena pakati pa Seputembala ufa watsopano uli m'matumba. Tumizani Lachiwiri mpaka Lachinayi m'mawa. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala wotchi ya ku France imafanana ndi yathu. Miyezi yotsalayo ife tili patsogolo ndi ola limodzi. Ngati kampaniyo ili pa mndandanda wa oonetsa malonda ku Natexpo, kapena ku SIAL Paris yomwe imachitika mu Okutobala zaka ziwiri zilizonse, pewani mlungu wa chionetserocho ndi wotsatira wake, pokhapokha ngati nanunso mupitako. Mukatero pempho lanu lisinthe likhale lokumana pa sitandi yawo.

Akapanda kuyankha

Kukhala chete ndi yankho lofala kwambiri, ndipo sikutanthauza kuti akana. Dikirani masiku 7 mpaka 10, kenako yankhani pa imelo yanu yomweyo kuti uthenga woyamba uoneke m'munsi. Chikumbutso chibwere ndi chinthu chatsopano, osati kungofunsa ngati anaona:

```
Bonjour Madame,

Je fais suite à mon message du 16 septembre. Les résultats d'analyse de notre premier lot de la saison sont disponibles ; je peux vous les transmettre avec l'échantillon si vous le souhaitez.

Bien cordialement,
```

Osalemba « Sauf erreur de ma part, je n'ai pas reçu de réponse ». Mawu amenewo ndi a munthu wolonjerera ngongole, ndipo iye alibe nanu ngongole. Chikumbutso chachiwiri chibwere patapita milungu iwiri kapena itatu, kenako lekani mpaka nyengo yotsatira. Uthenga wodziyankha wokha wonena kuti sali mu ofesi uwerengeni bwino, chifukwa nthawi zambiri umatchula tsiku lobwerera ndi dzina la mnzake wogwirizira ntchito.

Mukalembera makampani khumi ndi asanu osankhidwa bwino osamva kanthu, yambani mwatumiza imelo yomweyo kwa mnzanu amene ali ndi adiresi ya kampani ina muone ngati ikufika m'bokosi loyenera. Ikamafika, vuto lili pa amene mukuwalembera kapena pa chiganizo choyamba chija. Ndipo akayankha, phunzirani kumva mayankho awo. « Nous ne référençons pas de nouveaux fournisseurs pour le moment » ndi kukana kwa panopa: thokozani m'mizere iwiri n'kufunsa mwezi umene amaunikanso owagulitsa. « Merci de nous transmettre votre fiche technique et vos tarifs » ndi khomo lotseguka, ndipo muyankhe pasanathe tsiku limodzi la ntchito, mitengo ili m'mayuro, Incoterm ndi doko zitatchulidwa. Akakutumizirani « cahier des charges » kapena « questionnaire fournisseur », ndiye kuti ayamba kukuyesani ngati owagulitsa enieni. Mafunso ake amakhala ambiri, a ukhondo wa fakitale, kalondolondo wa thumba lililonse ndi zotsatira za labotale, ndipo amene angawayankhe bwino ndi woyang'anira kapangidwe ka ufa. Mukhale naye pansi imelo yoyamba isanapite, muone ngati mapepala amenewo alipo.